Kasankhidwe ka a, an ndi the polemba Chingerezi, ndi nthawi yosaika kalikonse

Munthu akati "Ndagula buku. Bukulo ndi lokwera mtengo," wachita kale m'Chichewa ntchito imene Mngerezi amachita ndi timawu *a* ndi *the*. Poyamba bukulo linali lachilendo kwa womvera, ndiye linangotchulidwa kuti buku. Kachiwiri womvera walidziwa, ndiye tamata *-lo* kumapeto. M'Chingerezi ziganizo ziwirizi ndi *I bought a book. The book is expensive.* Choncho nzeru yake tili nayo kale. Chimene chimatisokoneza n'chakuti Chingerezi chimafuna kuti pa dzina lililonse musankhe, ndipo nthawi zambiri chisankho cholondola ndi kusaikapo kanthu. Anthu ambiri amene ndawathandiza kukonza zolemba zawo saiwala timawuti ayi, amachita kutichulutsa. Amaona ngati dzina lopanda *the* lili maliseche, ndiye amaliveka. Njira imene ndikufotokoza pano ndi mafunso atatu oti muzilifunsa dzina lililonse, motsatana kwake.

Funso loyamba: kodi womvera akudziwa kuti ndikunena chiti?

Yambirani apa, chifukwa yankho likakhala inde ntchito yatha: ikani *the*. Zilibe kanthu kuti chinthucho n'chimodzi, n'zambiri, kapena n'chosawerengeka. *The book, the books, the water*, zonsezi zimatheka.

Kuti muyese, bwezerani chiganizocho m'Chichewa mumtima, kenaka onani ngati dzinalo likulola *lija, uja, aja, zija* kapena *-lo, -yo, -wo*. "Madzi aja atha" ndi *The water is finished*, chifukwa tonse awiri tikudziwa madzi amene tikunena. Koma "Madzi amawira akatenthedwa" salola *aja*. Mukati "madzi aja amawira akatenthedwa" mwasintha nkhani, mwayamba kunena za madzi ena ake. Ndiye m'Chingerezi ndi *Water boils when it is heated*, popanda kanthu kutsogolo. Kuyesa kumeneku kuli ndi maziko ake: *the* anachokera ku mawu oloza a Chingerezi chakale, a m'banja limodzi ndi *that*. Mpaka lero ntchito yake ndi kuloza.

Womvera amadziwa chinthu m'njira zingapo. Mwina munachitchula kale, monga buku lija. Mwina malo amene muli akuchionetsa: mukauza mnzanu m'chipinda kuti *Close the door*, safunsa kuti chitseko chiti. Mwinanso mawu otsatira dzinalo ndi amene akuchiloza: *the water in this bottle*, *the man who phoned yesterday*. Pomaliza pali zinthu zimene zilipo chimodzi chokha, monga *the sun* ndi *the moon*, komanso zimene mwa tanthauzo lake sizingakhale ziwiri, monga *the first page* ndi *the best answer*. Pagulu lomalizali kuyesa ndi *lija* sikuthandiza, popeza sitimati "dzuwa lija limatuluka kum'mawa". Apa ingokumbukirani kuti chinthu chikakhala chokhacho, womvera sangasochere, ndiye *the* ndi woyenera.

Yankho likakhala ayi, womvera sakudziwa chiti, kapena simukunena china chake chapadera, *the* wagwa. Pitani ku funso lachiwiri.

Funso lachiwiri: kodi dzinali limawerengeka m'Chingerezi?

Mawu ofunika m'funsoli ndi akuti "m'Chingerezi". Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo tichedwapo.

*A* ndi *an* anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza "chimodzi", gwero lomwelo la *one*. Tanthauzo limenelo silinafe. Mukati *a chair* mukunena mpando umodzi mwa mipando yambiri. Ndiye chifukwa chake *a* sangakhale pa dzina la zinthu zambiri, ndiponso sangakhale pa chinthu chimene Chingerezi sichichiwerenga. Simungati "madzi amodzi, madzi awiri" mukuloza madzi a mumtsinje, ndipo Mngerezi naye sanena *a water* m'tanthauzo limenelo. Pa madzi, mchenga, mpweya ndi mafuta zilankhulo ziwirizi zikugwirizana, ndipo palibe amene amalakwitsa kwambiri.

Vuto lili pa mayina amene ife timawawerenga koma Chingerezi chimawatenga ngati mulu. Ife timati langizo, malangizo. Timati chipangizo chimodzi, zipangizo zitatu. Timati nkhani imodzi, nkhani ziwiri. Maganizo athu akamatembenuza, amatulutsa *an advice, three equipments, a news*, ndipo zonsezi n'zolakwika. *Advice, equipment* ndi *news* sawerengeka. M'gulu lomweli muli *information, furniture, luggage, evidence, homework, research, progress, traffic* ndi *weather*. Palibe nzeru yobisika imene ingakuuzeni kuti *suggestion* amawerengeka pomwe *advice* sawerengeka, kapena kuti *job* amawerengeka pomwe *work* wotanthauza ntchito sawerengeka. Ndi mmene chilankhulocho chinagawira zinthu. Mawu amenewa ndi oloweza basi, ndipo mwamwayi amene amabwerabwera m'makalata ndi m'malipoti si ambiri.

Dzina likakhala losawerengeka, pali zinthu zitatu zimene zimayendera limodzi. Silitenga *a* kapena *an*. Silitenga *-s* wochulukitsa. Ndipo mneni wake amakhala wa chinthu chimodzi: *The furniture is new*, osati *are*. *News* amanyenga chifukwa cha *s* wakumapetoyo, koma naye ndi chimodzimodzi: *The news is good*. Mukapeza chimodzi mwa zitatuzi chalakwika m'chiganizo, yang'anani zina ziwirizo, nthawi zambiri zimagwera pamodzi.

Nanga mukafunadi kunena chimodzi? Chingerezi chimabwereka dzina lina lowerengeka kuti likhale ngati muyeso: *a piece of advice, a piece of furniture, an item of news, a glass of water*. Onani kuti *a* akumatirira ku *piece* kapena *glass*, osati ku *advice*. Mukafuna kunena "pang'ono" kapena "ena ake" mopanda kutchula kuchuluka, gwiritsani *some*: *I need some information*. Kapena sinthani dzinalo n'kutenga mbale wake wowerengeka, *a suggestion* m'malo mwa *advice*, *a suitcase* m'malo mwa *luggage*, *a chair* m'malo mwa *furniture*. Njira yomalizayi ine ndimaikonda, chifukwa chiganizo chimamveka bwino kuposa kudzaza *piece of* paliponse.

Mukakayikira, tsegulani dikishonale yolembedwera ophunzira Chingerezi. Pambali pa dzina mudzaona chilembo `C` kapena `U`: choyambacho chikutanthauza lowerengeka, chachiwiricho losawerengeka. Koma musaime pa tanthauzo loyamba. Werengani mpaka mupeze tanthauzo limene inuyo mukufuna, chifukwa mayina ambiri ali ndi zilembo zonse ziwiri.

Mayina a nkhope ziwiriwa ndi oyenera kuwamvetsa bwino. *Paper* ndi chinthu chimene amapangira mapepala, ndipo sichiwerengeka: *This bag is made of paper*. Koma *a paper* ndi nyuzipepala kapena nkhani yolembedwa ya kafukufuku. *Glass* ndi galasi ngati chopangira zinthu, *a glass* ndi tambula yomwera. *Room* wopanda kanthu ndi mpata, monga *There is room for one more*, pomwe *a room* ndi chipinda. *Hair* ndi tsitsi lonse la kumutu, *a hair* ndi katsitsi kamodzi kamene mwakapeza pa malaya. Ndipo pali *experience*, amene amagwetsa anthu ofunsira ntchito tsiku ndi tsiku. *I have experience* akutanthauza kuti ntchitoyi ndaigwirapo nthawi yaitali, ndikuidziwa. *I had an experience* akutanthauza kuti ndinakumana ndi chochitika china chake, mwina choopsa kapena chodabwitsa. Kamawu kamodzi kasintha luso la zaka kukhala nkhani ya tsiku limodzi. Mukayang'anitsitsa mayina onsewa muona kuti akutsata njira imodzi: lopanda kanthu likunena chinthucho ngati mtundu kapena mulu wopanda malire, pomwe la *a* likunena chinthu chimodzi chokhala ndi poyambira ndi pothera.

Pali kachinthu kena kamene mudzakumana nako powerenga, ndipo kasakusokonezeni. Mayina ochepa osawerengeka amalola *a* akakhala ndi mawu owafotokoza, monga *a good knowledge of French* kapena *a good education*. Koma *advice, information, furniture, news* ndi *weather* salola zimenezi ngakhale mutawakometsera chotani. *A good advice* n'cholakwika, *a useful information* n'cholakwikanso, ndipo *What a nice weather* chimodzimodzi. Nenani *good advice, useful information, What nice weather*.

Tsono mukayankha funso lachiwirili muli ndi njira zitatu. Losawerengeka: musaike kanthu. Lowerengeka, zinthu zambiri: musaike kanthu, *I saw birds in the garden*. Lowerengeka, chinthu chimodzi: ikani *a* kapena *an*, ndipo apa palibe kuzemba. Dzina lowerengeka la chinthu chimodzi silingaime lokha m'chiganizo wamba. Liyenera kukhala ndi *a, an, the*, kapena mawu ena olowa m'malo mwake monga *my, this, every*. Ndiye chifukwa chake "Ndine mphunzitsi" ndi *I am a teacher*, ngakhale kwa ife *a* ameneyo akuoneka wopanda ntchito. Ndipo mawu olowa m'malowo akakhalapo, musaonjezerenso: *my book*, osati *the my book*.

Za kusankha pakati pa *a* ndi *an* sitichedwapo. Mverani khutu, osati maso. Mawu otsatirawo akamayamba ndi liwu ngati a, e, i, o, u powatchula, ikani *an*. *An hour* ndi *an honest man*, popeza *h* samveka. *A university* ndi *a European*, popeza amayamba ndi liwu la *y*. Ndipo amene amalamula ndi mawu oyandikana nawo, osati dzinalo: *an egg* koma *a big egg*.

Funso lachitatu: kodi ndikunena za zonse?

Funso ili kwenikweni ndi lobwereza ntchito ya funso loyamba, koma ndaliika palokha chifukwa apa ndi pamene *the* amalowa mozemba. Munthu akamalemba za nkhani yaikulu, moyo, chikondi, maphunziro, umphawi, amamva kuti mawu olemera chotere akufunika ulemu, ndiye amalemba *The life is hard, The education is important*. Mngerezi akawerenga amadikira kuti mumuuze moyo wa yani, maphunziro ati. Ponena za chinthu chonse, mwachisawawa, Chingerezi sichiika kanthu: *Life is hard. Education is important. Money cannot buy health.* Pa mayina owerengeka, chulukitsani n'kusiya lokha: *Dogs are loyal* ndi agalu onse kulikonse, pomwe *The dogs are loyal* ndi agalu aja, a pakhomo lina lodziwika. Mayeso a *aja* amagwira bwino kwambiri pamenepa. N'chimodzimodzinso ndi *most*: "anthu ambiri" ndi *most people*, osati *the most people*.

Mfotokozi wokhala patsogolo pa dzina sabweretsa *the*. *Music* ndi nyimbo zonse, *classical music* ndi mtundu umodzi wa nyimbo, komabe ndi mtundu wonsewo, ndiye palibe *the*. *Cold water* akadali madzi ozizira alionse. Chimene kawirikawiri chimabweretsa *the* ndi *of* wobwera pambuyo. Yerekezani *She studies European history* ndi *She studies the history of Europe*. Tanthauzo n'lofanana, koma kamangidwe kachiwiri kamafuna *the*. Momwemonso *Life is hard* koma *The life of a nurse is hard*. Mukaona dzina la chinthu chosagwirika ndi manja likutsatiridwa ndi *of*, imani muganize za *the*.

Mungafunse kuti, nanga bwanji mabuku amalemba *The elephant is the largest land animal*? Zoona, pali njira zitatu zonenera za mtundu wonse wa chinthu chowerengeka: *Elephants have long memories, An elephant has a long memory*, ndi *The elephant has a long memory*. Ya *the* ndi ya m'mabuku a sayansi ndi zolemba zaukatswiri, ndipo imagwira pa nyama, zomera ndi zinthu zopangidwa monga *the telephone*. Ya *a* imatenga chimodzi kuti chiimire chilichonse mwa zinzake, choncho imalephera ngati zimene mukunenazo zikukhudza gulu lonse pamodzi. *A tiger is becoming extinct* sizimveka, chifukwa nyama imodzi singathe ngati mtundu. Langizo langa ndi lakuti polemba tengani njira yochulukitsa. Siikukhumudwitsani pena paliponse, pomwe zina ziwirizo zili ndi malire. Zinazo ingozizindikirani mukamawerenga.

Palinso kagulu ka mayina a malo amene amataya kamawu kakutsogolo mukamanena za ntchito ya malowo osati nyumba yake. *The children are at school* ndiye kuti akuphunzira. *The father went to the school* ndiye kuti wapita ku nyumba ya sukuluyo, mwina kukaonana ndi aphunzitsi. *In prison* ndi mkaidi, *at the prison* angakhale mlendo wokaona mkaidi. *Go to bed* ndi kukagona. Pa chipatala pali kusiyana: ku Britain wodwala amakhala *in hospital*, ku America amakhala *in the hospital*. Sankhani kalankhulidwe kamodzi n'kukhala nako.

Tiyese pa ndime yeniyeni

Nayi ndime imene ndaipanga potengera zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri m'makalata ofunsira malo a maphunziro:

*I am writing to ask for an information about the course. I am nurse and I have an experience in the child care. The life in a small clinic has taught me that the patience is important. Last year I attended workshop. Workshop gave me useful advices, and equipments we used there were new.*

Musayambe n'kuwerenga kuti mumve ngati ikukoma. Khutu limene silinazolowere timawuti silingakuuzeni kanthu. Tengani cholembera, dulani mzere kunsi kwa dzina lililonse, kenaka liyendetseni m'mafunso aja limodzilimodzi.

*Information*: kodi wolandira kalata akudziwa kuti ndi uthenga uti? Ayi, wolembayo akungopempha zilizonse zokhudza maphunzirowo. Kodi limawerengeka? Ayi. *An* achoke. *The course*: onse awiri akudziwa maphunziro amene alengezedwa, "maphunziro aja", ndiye *the* ali pamalo pake. *Nurse*: lowerengeka, munthu mmodzi, ndipo laima lokha, zimene n'zosaloleka. Likhale *a nurse*. *Experience*: wolembayo akunena za luso la pantchito, ndiye ndi tanthauzo losawerengeka lija, *an* achoke. *Child care*: akunena za ntchito yosamalira ana yonse, osati chisamaliro cha ana ena ake, *the* achoke.

Chiganizo chachitatu chili ndi pofunika kuganiza. *Life in a small clinic* ali ndi mawu omutsatira, ndiye mwina mungaganize kuti akulozedwa ngati *the life of a nurse* uja. Koma mawu akuti *in a small clinic* akungochepetsa bwalo, sakuloza moyo umodzi wodziwika. Ndi moyo wa m'chipatala chaching'ono chilichonse, monga mmene timanenera *life in the city*. Ndiye *the* achoke. Apa ndi pamene muonere kuti si mawu aliwonse otsatira dzina amene amaitana *the*. *Of* ndiye amakonda kutero, pomwe *in* ndi *at* zimadalira ngati mukulozadi chinthu chimodzi. *A small clinic* ali bwino: chipatala chimodzi chimene wowerenga sakuchidziwa. *Patience*: kuleza mtima konse, palibe "kuja", *the* achoke.

*Last year* amakhala wopanda kanthu akamatanthauza chaka chatha. *Workshop* woyamba ndi watsopano kwa wowerenga, mmodzi, wowerengeka: *a workshop*. Wachiwiri ndi "msonkhanowo", tautchula kale: *The workshop*. Ndi nkhani ya buku ndi bukulo ija. *Advices*: *-s* achoke, ndipo pasabwere *a* ngakhale pali *useful*.

Dzina lomaliza ndi limene limandisangalatsa, chifukwa likuonetsa ubwino wotsata mafunsowo m'ndondomeko yake. Munthu amene wangoloweza kuti *equipment* sawerengeka amachotsa *-s* n'kusiya dzinalo lokha, poganiza kuti losawerengeka silitenga kanthu. Koma funso loyamba likuti chiyani? "Zipangizo zimene tinagwiritsa ntchito kumeneko", zipangizo zija, zalozedwa ndi mawu otsatira. Ndiye pakufunika *the*. Kusawerengeka kumaletsa *a* ndi *-s* basi, sikuletsa *the*. Ndipo *-s* akachoka, mneni naye asinthe: *were* akhale *was*.

Ndime yokonzedwa ikhala chonchi:

*I am writing to ask for information about the course. I am a nurse and I have experience in child care. Life in a small clinic has taught me that patience is important. Last year I attended a workshop. The workshop gave me useful advice, and the equipment we used there was new.*

Werengani zimene zasintha pa timawuti. Pachotsedwa tisanu: *an* kawiri, *the* katatu. Paonjezedwa tinayi: *a* kawiri, *the* kawiri. Tonse tisanu tochotsedwato tinali pa mayina osawerengeka onenedwa mwachisawawa, ndipo titatu mwa tinayi toonjezedwato tapita pa mayina owerengeka a chinthu chimodzi amene anasiyidwa okha. Mukamakonza zolemba zanu nthawi ikuthamanga, sakani malo awiri amenewa poyamba: *the* kapena *an* aliyense amene wakhala pa dzina la chinthu chosagwirika ndi manja, ndi dzina lililonse la munthu kapena chinthu chimodzi limene lilibe kanthu kutsogolo kwake.